Kodi mumadziwa? Zigawo zobisika za pa disiki yatsopano: chofufuta ndi chiti, chosiya ndi chiti

Kodi mumadziwa kuti malo amene amaoneka ngati asowa pa disiki yatsopano sanadyedwe ndi zigawo zobisika? Mwagula laputopu, pabokosi alemba 512 GB, koma Windows ikukuonetsani 476 GB. Ambiri amafulumira kuloza chala tizigawo timene amatipeza titabisala m'mbali mwa C:, n'kuyamba kufunsa m'mene angatichotsere. Chonsecho nkhani yake ndi ya kawerengedwe basi. Kwa opanga madisiki, gigabayiti imodzi ndi mabayiti 1,000,000,000. Kwa Windows, gigabayiti imodzi ndi mabayiti 1,073,741,824. Mukagawa 512,000,000,000 ndi nambala yachiwiriyo mupeza 476 ndi kanyenyeswa. N'chifukwa chake disiki ya 256 GB imaoneka ngati ya 238 GB, ndipo ya 1 TB imaoneka ngati ya 931 GB. Ngakhale mutafufuta chilichonse, magigabayiti 36 aja sabwera, chifukwa sanapite kulikonse.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta ya masiku ano ya Windows 10 kapena 11 imakhala ndi zigawo zinayi pa disiki yake, inu n'kumaona chimodzi chokha? Zigawozi okonza makompyuta amazitcha mapatishoni. Dinani batani la Start ndi mbali yakumanja ya mausi, musankhe Disk Management, ndipo muona zitatu: kachigawo kakang'ono kumayambiriro kolembedwa EFI System Partition, kenako C: wamkulu uja, ndiyeno kumapeto china cholembedwa Recovery Partition. Chachinayi sichioneka n'komwe pamenepo. Kuti muchione muyenera kutsegula Command Prompt posankha Run as administrator, n'kulemba izi:

```
diskpart
list disk
select disk 0
list partition
```

Pa laputopu yodziwika bwino ya 256 GB mndandanda wake umakhala wotere: chigawo 1 ndi System cha 260 MB, chigawo 2 ndi Reserved cha 16 MB, chigawo 3 ndi Primary cha 237 GB, chigawo 4 ndi Recovery cha pafupifupi 1000 MB. Manambala amasiyanako malinga ndi amene anaika Windows, koma taonkhetsani zobisika zitatuzo: zikungopitirira pang'ono gigabayiti imodzi. Filimu imodzi yooneka bwino imadya malo oposa pamenepo.

Zimabisika chifukwa Windows sizipatsa chilembo ngati C: kapena D:, ndipo chigawo chopanda chilembo sichituluka mu File Explorer. Si kachirombo ka pa kompyuta, komanso si chinyengo cha wogulitsa.

Kodi mumadziwa kuti kachigawo ka 100 MB kapena 260 MB kali kumayambiriro kaja ndi kamene kamadzutsa kompyuta yonse? Mukadina batani loyatsira, kompyuta siyidziwa kalikonse za Windows. Pulogalamu imene ili pa bolodi yake, yotchedwa UEFI, imapita kukafufuza chigawo cha EFI, chimene chimakonzedwa m'njira ya FAT32 kuti ithe kuchiwerenga, n'kutengamo fayilo yoyambitsira Windows pamodzi ndi kaundula wotchedwa BCD wonena kumene Windows ili. Ngati muli ndi Ubuntu pa kompyuta yomweyo, nayonso imasunga zoyambitsira zake m'chigawo chomwecho.

Chikachoka chigawo chimenechi, zithunzi zanu ndi makalata anu zimakhalabe pa C: bwinobwino, koma kompyuta imaima pa sikirini yakuda n'kumalemba No bootable device kapena mawu ena onga amenewa. Mwayi wake, Windows imene ikugwira ntchito imakana kufufuta chigawo chimene yadzukirapo, ngakhale muikakamize. Ngozi imabwera pamene mwayatsa kompyuta ndi fulashi yoikira Windows, kapena mwalumikiza disikiyo ku kompyuta ina. Pamenepo palibe wokuletsani, batani la Delete limagwira ntchito pa chigawo chilichonse. Ichi musachikhudze.

Kodi mumadziwa kuti pa makompyuta akale ntchito yomweyi imagwiridwa ndi chigawo cholembedwa System Reserved? Madisiki okonzedwa m'njira yakale ya MBR alibe chigawo cha EFI. Windows 7 inkapanga System Reserved ya 100 MB, Windows 8 ya 350 MB, ndipo mitundu yoyambirira ya Windows 10 ya 500 MB kapena kupitirirako pang'ono. Dzina lake limanamiza anthu, amayesa ndi malo ongosungidwa opanda ntchito, koma m'menemo ndi mmene muli zoyambitsira Windows. Nthawi zina chigawochi chimatulukira mwadzidzidzi mu File Explorer chili ndi chilembo, makamaka mukalumikiza disiki yakale. Ngati chikukusowetsani mtendere, chichotsereni chilembo chokha kudzera pa Change Drive Letter and Paths, ndipo chibwerera kobisala osaonongeka kalikonse.

Kodi mumadziwa kuti m'chigawo cha 16 MB cholembedwa Reserved mulibe fayilo ngakhale imodzi? Dzina lake lonse ndi Microsoft Reserved Partition, mwachidule MSR. Ndi kamalo kamene Windows imadzisungira pa madisiki okonzedwa m'njira yatsopano ya GPT kuti idzakagwiritse ntchito ikafuna kusintha kakonzedwe ka disikiyo. Pa Windows 7 ndi 8 kankakhala ka 128 MB, kenako anakachepetsa. Mukagula disiki yatsopano yosungira zinthu n'kuikonza koyamba ngati GPT pa Windows, kachigawoka kamabwera kokha, ndipo anthu ena amadabwa kuti kachokera kuti poti disiki inali yopanda kanthu. Pa disiki yongosungira nyimbo ndi mafilimu, kukafufuta sikuononga zimene mwasunga. Koma mupindulanji? Malo a nyimbo zitatu kapena zinayi, ndiponso kawirikawiri kamakhala kutsogolo kwa chigawo chachikulu, kumene Disk Management singathe kukaphatikiza nacho. Kasiyeni kagone.

Disiki yonyamula m'manja imene inakonzedwa pa Mac m'njira ya GPT nayonso imabwera ndi kachigawo ka EFI ka 200 MB. Ngati disikiyo simuyatsira kompyuta iliyonse, kachigawoko sikagwira ntchito, komanso sikalakwa kanthu.

Kodi mumadziwa kuti chigawo cha Recovery ndi Windows ina yaing'ono yoima payokha? Muli fayilo imodzi yaikulu yotchedwa `Winre.wim`, ya mamegabayiti mazana angapo. Windows ikalephera kudzuka kawiri motsatizana, mwachitsanzo magetsi atazima ili mkati mosintha mafayilo ake, kompyuta imalowa m'chigawo chimenechi n'kukuonetsani sikirini yabuluu yokhala ndi Troubleshoot, Startup Repair, System Restore ndi Uninstall Updates. Mungaifikenso mwadala pogwira batani la Shift uku mukudina Restart. Ngakhale Reset this PC imadalira chigawo chomwechi.

Kuchifufuta sikuletsa kompyuta kudzuka. Mawa idzayaka ngati kale, ndipo mwina padzatha chaka musanaone vuto. Vutolo limaonekera pa tsiku loipa, pamene Windows yakana kudzuka ndipo sikirini yabuluu ija kulibe, kapena pamene mukufuna kuyeretsa kompyuta musanaigulitse n'kulandira uthenga woti Could not find the recovery environment. Pamenepo mumafunika fulashi yoikira Windows, ndipo kuti muipange pamafunika kompyuta ina yamoyo ndi bandulo ya magigabayiti angapo.

Koma musachikhulupirire mopitirira muyezo. Chigawochi chili pa disiki yomweyo imene pali C:, ngati mbewu yosungidwa m'nkhokwe imodzi ndi chimanga chodya: nkhokwe ikapsa, zonse zapita. Disiki ikafa, Recovery imafera limodzi. Ndiponso mulibe zithunzi zanu kapena makalata anu m'menemo, muli zida zokonzera Windows zokha.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta imodzi itha kukhala ndi zigawo za Recovery ziwiri kapena zitatu, koma chamoyo n'chimodzi? Windows ikamakwera kupita ku mtundu watsopano n'kupeza kuti chigawo chakale chachepa, imadula kamalo kumapeto kwa C: n'kupanga china, chakalecho n'kuchisiya chili gone. Musalote kuti chamoyo ndi chiti. Funsani Windows yomweyo:

```
reagentc /info
```

Ikuyankhani ndi mzere wa Windows RE status, umene uyenera kunena Enabled, ndi mzere wa Windows RE location, umene uli ndi mawu onga `harddisk0\partition4`. Ndiye kuti chamoyo ndi chigawo 4 cha disiki 0. Chigawo china chaching'ono cha Recovery chimene sichinatchulidwe pamenepo nthawi zambiri chimakhala chotsalira, ngakhale pa makompyuta ena chimakhala cha zida za kampani yopanga laputopuyo, choncho yang'anani dzina lake kaye.

Kuchepa kwa chigawochi kunavutitsapo anthu ambiri mu Januwale 2024, pamene zosintha za Windows 10 zotchedwa KB5034441 zinkakana kulowa n'kumaonetsa nambala ya 0x80070643. Zinkafuna malo opanda kanthu okwana 250 MB m'chigawo cha Recovery, ndipo pa makompyuta ambiri malowo panalibe. Mankhwala ake anali kuchikulitsa. Amene akupanga chigawochi lero asaumire malo.

Kodi mumadziwa kuti chigawo chobisika chimene chingakubwezereni malo ooneka ndi chimodzi chokha? Ndi chija chimene makampani opanga malaputopu ankaika m'nthawi ya Windows 7 ndi 8, chokhala ndi Windows yonse monga inachokera kufakitale, pamodzi ndi madalaivala ndi mapulogalamu a kampaniyo. Chimatha kukhala cha 10 GB mpaka 20 GB. Pa HP chinkafikidwa podina F11 poyatsa, pa Acer podina Alt ndi F10, pa Asus podina F9, ndipo pa Lenovo panali kabatani kapadera kotchedwa Novo. Kuyambira pa Windows 10, imene inatuluka mu 2015, Windows imatha kudzimanganso kuchokera ku mafayilo amene ali kale pa C:, choncho zigawo zikuluzikuluzi zinayamba kuchepa.

Malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene timagula akadali nacho chigawochi. Ngati laputopu inabwera ndi Windows 8 koma pano ili pa Windows 10, chimene chasungidwa m'menemo ndi Windows 8 yakaleyo, imene Microsoft inaleka kuisamalira. Pa disiki ya 128 GB, magigabayiti 15 si ochepa. Ichi ndiye ndingavomereze kuti chichoke, bola `reagentc /info` isakhale ikuloza pomwepo, ndiponso mukhale mutapanga kale fulashi yopulumutsira. Za laisensi musade nkhawa: pa makompyuta amene anagulitsidwa ali ndi Windows 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo, kiyi ya Windows inalembedwa pa bolodi, siyikhala m'chigawo chimenechi.

Kodi mumadziwa kuti chifukwa chomveka chofufutira chigawo chaching'ono cha Recovery si kukula kwake, koma pamene chakhala? Tibwerere ku laputopu ya 256 GB ija. Mwaigulira disiki ya 512 GB, ndipo mwakopera zonse za pa disiki yakale monga zinalili. Mukatsegula Disk Management mukuona EFI, kenako C: wa 237 GB, kenako Recovery, ndiyeno kumapeto malo akuda a 238 GB olembedwa Unallocated. Mukudina pa C: kuti muikulitse, koma Extend Volume yafota, siyikudinika. Chifukwa chake n'chakuti Windows imakulitsa chigawo pokhapokha malo opanda kanthu ali moyandikana nacho kudzanja lamanja, ndipo apa Recovery yakhala pakati.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusakhudza kanthu: pangani D: pa malo a 238 GB aja n'kumasungapo mafilimu ndi zithunzi. Kwa anthu ambiri izi n'zokwanira. Koma ngati mukufunadi C: mmodzi wamkulu, ntchito yake ili ndi ndondomeko, ndipo dongosolo lake ndi limene limapulumutsa.

Yambani mwakopera mafayilo anu ofunika pa disiki ina, ndipo laputopu ikhale ndi moto wokwanira. Ngati disiki ndi yokhomedwa ndi BitLocker, lembani papepala kiyi yake ya manambala 48, chifukwa kusintha zigawo kumatha kuchititsa kompyuta kuifunsa. Mukatero, uzani Windows kuti isamutse zida zake:

```
reagentc /disable
dir /a C:\Windows\System32\Recovery
```

Lamulo loyamba limachotsa `Winre.wim` m'chigawo chobisika n'kuiika pa C:. Lachiwiri ndi lotsimikizira kuti yafikadi. Mukapanda kuiona pa mndandandawo, imani pomwepo, musapitirire. Anthu amene amadumpha sitepe imeneyi amafufuta fayiloyo limodzi ndi chigawo chake, ndipo pambuyo pake Windows imawauza kuti The Windows RE image was not found. Kuibwezeretsa kumafuna kukaisolola m'mafayilo oikira Windows, ntchito yotopetsa imene ikanapeweka ndi mzere umodzi.

Fayilo ikaoneka, lowani mu `diskpart`, sankhani disiki, muonenso mndandanda wa zigawo, kenako:

```
select partition 4
delete partition override
```

Popanda mawu akuti `override`, Windows imakana n'kunena kuti chigawocho n'chotetezedwa. Mukawalemba, siyifunsanso kuti mwatsimikiza kapena ayi, imangofufuta. N'chifukwa chake nambala ya chigawo muyenera kuiwerenga pa sikirini yanu, osati kukopera 4 wa m'nkhani ino. Pa kompyuta yanu Recovery itha kukhala chigawo 1 kapena 5.

Tsopano Extend Volume yadzuka. Pokulitsa C:, chotserani 1024 pa nambala imene Windows yaika m'bokosi, kuti kumapeto kutsale gigabayiti imodzi yomangapo Recovery yatsopano. Bwererani mu `diskpart`, sankhani disiki yomweyo, n'kulemba:

```
create partition primary
format quick fs=ntfs label="Recovery"
set id=de94bba4-06d1-4d40-a16a-bfd50179d6ac
gpt attributes=0x8000000000000001
exit
reagentc /enable
```

Nambala yaitaliyo ndi chizindikiro chimene Windows imadziwira chigawo cha Recovery pa disiki ya GPT, ndipo mzere wotsatirawo umachiteteza n'kuchiletsa kulandira chilembo. Malamulo awiriwa ndi a GPT yokha. Pomaliza lembaninso `reagentc /info`. Ikati Enabled n'kuloza chigawo chatsopanocho, ntchito yatheka: C: wakula kuchoka pa 237 GB kufika pafupifupi 475 GB, ndipo zida zopulumutsira zilipobe.

Ena amasiya osapanga chigawo chatsopano, amangolemba `reagentc /enable` kuti zidazo zikhale pa C: pomwepo. Zimatheka, koma osati pa C: wokhomedwa ndi BitLocker, pamenepo Windows imakana. Poti malaputopu ambiri atsopano a Windows 11 amadzikhoma okha mwiniwake osadziwa, ine ndimati gigabayiti imodziyo iperekeni.

Kodi mumadziwa kuti Windows yatsopano itha kumadzukira pa disiki yakale inu osadziwa? Izi zimachitika mukaika Windows pa disiki yatsopano, yakale ili yolumikizidwabe. Pulogalamu yoikira ikapeza chigawo cha EFI pa disiki yakale, nthawi zambiri imangogwiritsa ntchito chomwecho, osapanga china pa yatsopano. Zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene mwachotsa disiki yakaleyo kuti mupatse m'bale wanu, kompyuta n'kukana kuyaka. Chizindikiro chake n'choonekeratu: mu Disk Management, disiki yatsopano ilibe EFI System Partition. Kuyesa kwake n'kosavutanso: zimitsani kompyuta, zulani disiki yakale, yatsani. Ikadzuka, zigawo zonse zobisika za pa disiki yakaleyo n'zakufa, mutha kuzichotsa. Ikakana, bwezeretsani disikiyo, ndipo pa yatsopano pafunika kupangidwa chigawo cha EFI n'kuikamo zoyambitsira ndi lamulo la `bcdboot`, ntchito imene ndi bwino kuipereka kwa wodziwa ngati simunaichitepo. Popewa zonsezi, poika Windows muzisiya disiki imodzi yokha m'kompyuta.

Mukatsimikiza kuti disiki yakale ilibenso ntchito, lamulo la `clean` mu `diskpart` limasesa zigawo zake zonse nthawi imodzi, zobisika ndi zooneka zomwe. Nalonso silifunsa kawiri. Yang'anani kukula kwa disiki iliyonse pa `list disk` musanasankhe, chifukwa kuphonya nambala imodzi kumasesa disiki ya zithunzi za banja lonse.

Kodi mumadziwa kuti fulashi ya 16 GB imagwira ntchito imene chigawo cha Recovery sichingathe? Lembani Create a recovery drive m'bokosi lofufuzira la Windows, chongani pamene palembedwa Back up system files to the recovery drive, n'kudikira. Zonse zimene zinali pa fulashiyo zimafufutika, choncho tengani yopanda kanthu. Imeneyi imadzutsa kompyuta ngakhale disiki yamkati itafa n'kuikamo ina. Ilembeni dzina, muisunge kutali ndi mafulashi a nyimbo amene amabwerekedwa.

Kodi mumadziwa, pomaliza, kuti malo amene mukuwasaka ali pa C: pomwepo? Windows ikakwera kupita ku mtundu watsopano imasiya foda ya `Windows.old`, imene kawirikawiri imaposa 10 GB, ndipo imayenera kuchoka yokha pakatha masiku khumi. Fayilo ya `hiberfil.sys` imadya magigabayiti angapo. Kuyambira mu 2019, Windows imadzisungiranso pafupifupi 7 GB mkati mwa C: yoti izigwiritsa ntchito polandira zosintha, ndipo imeneyi si chigawo chapadera. Ngati mzere wa C: wafiira, musanatsegule `diskpart` pitani ku Settings, kenako System, kenako Storage, mudine Temporary files, muone kaye kuchuluka kwa zimene Windows yomweyo ikukulolani kuchotsa.